Pepala la Masamu, Sitandade 8: Perimita ndi Eriya ya Zinthu Zophatikiza

Ana inu, pepala ili lilibe chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo ndachita dala. Chaka ndi chaka ndimaona ophunzira odziwa bwino malamulo a masamu akulephera funso chifukwa chithunzi angochiyang'ana, osachiwerenga. Lero mujambula nokha. Tengani kope la timabokosi, rula ndi pensulo yosongoka. Pa funso lililonse yambani mwajambula, lembani miyeso m'mbali mwake, kenako muwerengetsere. Amene andibweretsere yankho lopanda chithunzi ndimubweza.

Zoyenera kukumbukira

Perimita ndi mtunda womwe mungayende mutazungulira chinthu m'malire mwake mpaka kufika pomwe munayambira, monga kutalika kwa mpanda wa dimba. Timayeza m'mamita kapena m'masentimita. Eriya ndi kukula kwa malo a m'kati, omwe mumalima, kuzira kapena kupaka laimu. Yankho lake limathera ndi m² kapena cm².

Rekitango: eriya = mulitali × mulifupi
Thirayango: eriya = ½ × tsinde × msinkhu
Seko: eriya = πr², kuzungulira kwake = 2πr, ndipo π = 22/7

Chitsanzo: dimba la m'mbali mwa Likangala

Mayi wina ali ndi dimba la mpiru ndi tomato looneka ngati chilembo cha L. Bokosi limodzi la m'kope liimire 1 m. Ikani kadontho A m'munsi chakumanzere kwa tsamba. Kuchokera pa A pitani kumanja 12 m kufika pa B. Kwerani 5 m kufika pa C. Bwererani kumanzere 7 m kufika pa D. Kweraninso 4 m kufika pa E. Kuchokera pa E pitani kumanzere mpaka mulunjike pamwamba penipeni pa A, pamenepo ndi pa F. Tsikani kukatseka pa A.

Mbali ziwiri sindinakupatseni, EF ndi FA, ndipo ntchito imayambira pamenepo. Munapita kumanja 12 m, mwabwerera 7 m, ndiye kwatsala 5 m: EF = 5 m. Munakwera 5 m kenako 4 m, ndiye potsika ndi 9 m: FA = 9 m.

Perimita = 12 + 5 + 7 + 4 + 5 + 9 = 42 m

Ikani chala pa A muzitsata mzere uku mukuwerenga. Mbali zilipo zisanu ndi imodzi, choncho manambala ophatikiza akhalenso asanu ndi limodzi.

Tsopano eriya. Jambulani mzere wamadonthomadontho kuchokera pa D kupita kumanzere mpaka ukagunde FA. Dimba lagawika pawiri. Chigawo cha m'munsi ndi 12 × 5 = 60 m², chapamwamba ndi 5 × 4 = 20 m². Zonse pamodzi 80 m².

Njira ina ndi yochotsera. Yerekezani kuti dimbalo linali rekitango yathunthu ya 12 m ndi 9 m, yomwe ndi 108 m², ndipo ngodya ya 7 m ndi 4 m inapita kwa mnansi. 108 − 28 = 80 m². Ine ndimakonda kuti muzichita njira zonse ziwiri, chifukwa zikagwirizana mumadziwa nokha kuti mwakhoza musanabwere n'komwe kwa ine.

Mzere wamadonthomadontho uja ndi wongotithandiza kuganiza. Mayi aja sangamange mpanda pakati pa dimba lawo, choncho musauphatikize pa perimita. Cholakwa ichi ndi chimene chimadya malikisi ambiri m'kalasi mwathu.

Mafunso

1. Nyumba ya ku Chinamwali. Bokosi limodzi ndi 1 m. Kuchokera pa A pitani kumanja 11 m pa B, kwerani 8 m pa C, kumanzere 6 m pa D, tsikani 3 m pa E, kumanzere mpaka mulunjike pamwamba pa A pa F, kenako tsikani pa A. Ngodya zonse ndi zowongoka, za 90°.
(a) Pezani EF ndi FA.
(b) Mmisiri akufuna kuwaka khonde kuzungulira nyumba yonse. Perimita ya nyumbayo ndi yotani?
(c) Pansi ponse athira simenti. Eriya yake ndi yotani?

2. Mdadada wa makalasi wooneka ngati chilembo cha U. Bokosi limodzi liimire 2 m. Jambulani rekitango ya 30 m chopingasa ndi 18 m choimirira. Pa mbali yapamwamba yezani 8 m kuchokera kumanzere ndi 8 m kuchokera kumanja. Pakati pamatsala mpata. Kuchokera pa madontho awiriwo tsitsani mizere ya 10 m, muilumikize m'munsi, ndipo mufufute mzere wapamwamba wa mpatawo. Malo alowa m'katiwo ndi bwalo lomwe ana amaimapo pa asembule, lilibe denga.
(a) Bwalolo ndi lotambalala mamita angati?
(b) Pezani perimita ya mdadadawo.
(c) Pezani eriya ya mdadadawo, osawerengera bwalo.
Chenjerani apa. Pa dimba la L, perimita inafanana ndi ya rekitango yathunthu, 2 × (12 + 9). Pa U sizitero. Yendetsani chala, muone makoma amene awonjezeka.

3. Khoma lakumapeto kwa nyumba, lija losongoka pamwamba pomwe denga limakumana. Jambulani rekitango ya 6 m chopingasa ndi 3 m choimirira. Pamwamba pake khazikani thirayango yomwe tsinde lake ndi 6 m yomweyo, ndipo nsonga yake ili pakatikati, 1.6 m kuchokera pa tsinde. Mbali zopendekera, momwe mumagona malata, ndi 3.4 m iliyonse. M'kati mwa rekitango muli zenera la 1.2 m ndi 1 m.
(a) Pezani perimita ya khomalo.
(b) Khomalo alipaka laimu pokonzekera chinkhoswe. Eriya yopaka ndi yotani?
Msinkhu wa thirayango ndi mzere woima chilili kuchokera pa tsinde kufika pa nsonga. Mbali yopendekera si msinkhu, ngakhale ioneke yokopa bwanji.

4. Zenera la tchalitchi lopindika pamwamba. Jambulani rekitango yoimirira, 140 cm chopingasa ndi 200 cm choimirira, bokosi limodzi 20 cm. Pamwamba pake ikani theka la seko lomwe layambira pa ngodya yakumanzere n'kukathera pa ngodya yakumanja. Mzere wa 140 cm wapamwambawo ukhale wamadonthomadontho.
(a) Rediyasi ya theka la sekolo ndi yotani?
(b) Wowotcherera zitsulo akufuna chitsulo chachitali bwanji cha felemu yakunja?
(c) Galasi lake likhala ndi eriya yotani?

5. Ku Domasi kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, ndipo alimi ambiri a m'derali ali ndi maiwe a chambo ndi makumba. Mlimi wina wakumba dziwe la 20 m ndi 10 m. Kuzungulira dziwelo wasiya mkwezo wadothi wotambalala 2 m mbali zonse zinayi. Jambulani rekitango yaing'ono m'kati mwa yaikulu, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizo muudetse ndi pensulo.
(a) Rekitango yaikulu ili ndi mulitali ndi mulifupi wotani? Kumbukirani kuti mkwezo uli uku ndi uku.
(b) Akufuna kudzala kapinga pa mkwezowo kuti dothi lisakokoloke. Eriya yake ndi yotani?
(c) Kunja kwa mkwezo amanga mpanda woteteza ana ndi ziweto. Ukhala wautali bwanji?

6. Munda wa mpunga kudambo la ku Chilwa. Bokosi limodzi ndi 10 m. Kuchokera pa A pitani kumanja 100 m pa B. Bwererani pa A, kwerani 40 m pa D. Kuchokera pa D pitani kumanja 70 m pa C. Lumikizani C ndi B ndi mzere wopendekera, womwe ndi ngalande ya madzi yotalika 50 m. Tsitsani mzere wamadonthomadontho kuchokera pa C mpaka ugunde AB, ndipo muona rekitango kumanzere, thirayango kumanja.
(a) Tsinde la thirayangoyo ndi mamita angati?
(b) Pezani perimita ndi eriya ya mundawo.
(c) Ekala imodzi ndi pafupifupi 4,047 m², hekitala imodzi ndi 10,000 m². Agogo eni munda amati ndi ekala yathunthu. Kodi akulondola? Ngati ayi, mukawafotokozera bwanji mwaulemu, ndipo yaperewera ndi zingati?
Funso ili ndimalikonda kwambiri. Ambiri mwa makolo anu amabwereka minda kapena kugula feteleza potengera maekala, ndipo mwana wodziwa kuyeza amapulumutsa ndalama za pakhomo.

7. Ili ndi la amene atsiriza msanga, makamaka osewera mpira wamanja. Bwalo lake lovomerezeka ndi rekitango ya 30.5 m ndi 15.25 m. Pakati pa mbali yaifupi iliyonse pali golo, ndipo kutsogolo kwake kuli theka la seko la rediyasi 4.9 m lolowa m'kati mwa bwalo, momwe ogoletsa amaponyera mpira. Jambulani matheka onse awiri, muwadetse.
(a) Matheka awiriwo pamodzi ali ndi eriya yotani? Ganizani kaye: matheka awiri ofanana amapanga chiyani?
(b) Wosewera wapakati saloledwa kulowa m'mathekamo. Malo omwe iye amaloledwa kuponda ali ndi eriya yotani?

8. Ntchito ya kunyumba. M'kope mwanu jambulani zinthu ziwiri, chimodzi cha L china cha T, chilichonse chikhale ndi timabokosi 24, koma perimita zisiyane. Kenako lembani malangizo a m'mawu monga ndachitira ine, muwerengere m'bale wanu kuti ajambule osaona chanu. Chithunzi chake chikasiyana ndi chanu, konzani mawu anuwo mpaka zifanane, mubwere nazo zonse Lolemba.

Mayankho, a makolo ndi achimwene kapena achemwali othandizira kunyumba

Chonde musawaonetse mwana asanajambule ndi kuyesa yekha. Mafunso otere amabwera pa mayeso a MANEB, omwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, ndipo tsiku limenelo adzakhala yekha ndi pensulo yake.

1. EF = 5 m, FA = 5 m; 38 m; 73 m²
2. 14 m, 116 m, 400 m². Akapeza 96 m, wasiya makoma awiri a 10 m.
3. 18.8 m, 18 + 4.8 − 1.2 = 21.6 m². Akapeza 27 m², watenga 3.4 m ngati msinkhu.
4. 70 cm; 200 + 140 + 200 + 220 = 760 cm; 28,000 + 7,700 = 35,700 cm². Akapeza 900 cm, waphatikiza mzere wamadonthomadontho.
5. 24 m ndi 14 m; 336 − 200 = 136 m²; 76 m
6. 30 m; 260 m; 2,800 + 600 = 3,400 m², yomwe ndi hekitala 0.34. Yaperewera pa ekala ndi pafupifupi 647 m².
7. 75.46 m²; 465.125 − 75.46 = 389.665 m²
8. Mayankho asiyana. Werengani timabokosi limodzi ndi mwanayo, kenako muyendetse chala m'malire.