Bilu ya amayi: tikupempha yosonyeza chinthu chilichonse ndi dongosolo la malipiro

Zikomo Amayi Phiri, muli bwanji? Ku admishoni andiuza kuti inu ndi a kwathu, nde ndati ndilembe mu Chichewa kuti mundimvetse bwino. Ndine Chikondi wa ku Rosettenville, mwana wa mayi amene anagonekedwa ku wodi ya azimayi pa 3 Meyi ndikutuluka pa 9 Meyi atawapanga opaleshoni ya ndulu.

Bilu tailandira koma yangolembedwa R38,400 basi. Chonde titumizireni ija yosonyeza chinthu chilichonse pachokha, masiku a bedi, fiyeta, mankhwala, ma tesiti a magazi, sikani, chilichonse ndi deti yake ndi mtengo wake, komanso mutiuze ngati adokotala a opaleshoni ndi ogoneka tulo aja atumiza bilu yawo padera. Dipoziti ya R10,000 tinalipira ija siikuoneka, risiti ndili nayo.

Sitikukana ngongoleyi ayi, amayi achira ndipo tikuthokoza. Koma medikolo edi tilibe, ine ndimalandira R7,500 pa mwezi ndipo renti yokha imadya R3,000, nde ndikalonjeza zambiri ndikhala ndakunamizani. Ndingakwanitse R1,500 pa 1 mwezi uliwonse osaphonya, achimwene aziwonjezera R500 kuyambira Julayi. Ngati zili bwino tilembelane pa pepala, mulembenso ngati pali chiwongola dzanja, ndipo akauntiyi musaipereke kwa otolera ngongole pamene tikulipira. Ndikhoza kubwera Lachinayi m'mawa ndi peyisilipi yanga.

Zikomo kwambiri,
Chikondi