Kalata yopempha malipiro onse ntchito ya mafelemu isanayambe

Nchalo, Lachitatu pa 8 Okutobala 2025

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti munafika bwino ku Bangula Loweruka lija ndipo kunyumba muli bwino nonse. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la mwezi uno latikakamiza kuyamba ntchito mbandakucha, chifukwa ikamakwana 11 koloko chitsulo chimene chili panja sichigwirika ndi dzanja.

Ndikuthokozeni chifukwa chobwera nokha pashedi yathu, komanso ponditenga kukayeza nyumba zanu zisanu ndi imodzi zija. Ndawerengetsa zonse, ndipo mitengo ili motere. Mafelemu a mawindo 24 okhala ndi mabagala ake, lililonse K165,000, akukwana K3,960,000. Mafelemu a zitseko zam'kati 12, lililonse K95,000, akukwana K1,140,000. Zitseko zachitsulo zakunja 6 pamodzi ndi mafelemu ake, chilichonse K320,000, zikukwana K1,920,000. Galimoto yofikitsa katundu pamalo panu ndi K280,000. Zonse pamodzi ndi K7,300,000.

Tsopano pali nkhani imene sindinafune kuinena pafoni, chifukwa mawu apafoni amauluka ndipo munthu umatha kumva molakwika. Ndikukupemphani kuti pa oda iyi mulipire ndalama zonse K7,300,000 ntchito isanayambe. Ndikudziwa kuti munanena zopereka theka ngati dipoziti, theka linalo katundu akafika, ndipo ndi mmene amisiri ambiri timachitira. Ndikudziwanso kuti ndi pempho lolemera kwa munthu amene wandiona kamodzi kokha. Ndikanakhala ine pamalo panu ndikanafunsa mafunso ambiri, n'chifukwa chake ndati ndikuyalireni zonse poyera, muone nokha kumene ndalama yanu ikupita.

Pa K7,300,000 imeneyi, K5,200,000 ndi yogulira zipangizo: machubu, zitsulo za mabagala, mapuleti a zitseko, mahinji, ndodo zowotcherera, madisiki a gilayinda ndi penti woteteza dzimbiri. Zitsulo zochuluka chonchi kuno ku Nchalo sindingazipeze zonse za mtundu umodzi, ndipo zochepa zimene zimapezekazo mtengo wake ndi wa munthu wogula chubu chimodzi. Ndiyenera kukwera mtunda wa Thabwa kukazigula ku Limbe. Kumeneko sakongoza. Ndagulako zaka zambiri, anyamata onyamula katundu amandidziwa ndi dzina, koma chitsulo sichituluka pageti ndalama isanalowe. Lole yotsitsa katunduyo kudzafika kuno ikufuna K350,000. Mukaphatikiza ziwirizi muona kuti theka lija, K3,650,000, silikufika ngakhale pa mtengo wa zitsulo zokha.

Mwina munena kuti ndigule theka la zitsulo tsopano, zinazo m'tsogolo. Ndinayesapo zimenezi ndipo ndinapsa nazo. Mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinali ndi ntchito ya mageti ndi mawindo imene ndinali nditagulira zipangizo za gawo loyamba lokha. Pobwerera ku Limbe ndinapeza mitengo yonse yasintha, ena atseka kumene mashopu kuti ayambe alemba mitengo yatsopano. Mwini ntchito anati tinagwirizana kale mtengo, ndipo sanalakwe. Ndinamaliza ntchitoyo ndi ndalama ya mbuzi zanga zinayi. Kuyambira pamenepo kotesheni ya ogulitsa zitsulo sindiikhulupirira kupitirira sabata imodzi. Komanso maulendo awiri a lole ndi ndalama ziwiri, ndipo masiku ano mafuta akasowa galimoto imagona pamzere masiku angapo.

Zotsalazo zili chonchi. K300,000 ndi ya mafuta a jenereta. Chiyambire nthawi imene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndinaphunzira kuti mmisiri wowotcherera wodalira magetsi okha salonjeza tsiku. K600,000 ndi malipiro a anyamata anayi kwa mwezi umene ntchitoyi itenge. Anyamatawa ali ndi mabanja, amalandira Loweruka lililonse, ndipo ino ndi nyengo yodula nzimbe: sabata imodzi ikadutsa osalandira, Lolemba lake ndidzawapeza kulibe, apita kukasaka ganyu. Mukachotsa zonsezi ndi K280,000 ya galimoto yopita ku Bangula, yanga yotsala ndi K570,000. Mmenemo ndi mmene muli lendi ya shedi, kukonzetsa makina ndi chakudya cha ana anga. Mpamba woti ndiikemo mamiliyoni atatu n'kudikira mwezi wathunthu ndilibe. Ndikanati ndikabwereke kwa a katapila, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chikanameza phindu lonselo n'kulowanso m'thumba mwanga, ndipo banki nkhonde ya mayi a kunyumba siingatulutse ndalama yotere kwa munthu mmodzi.

Chifukwa china ndi miyeso yanu. Munasankha mawindo otambalala, a mamita 1.8 m'lifupi, kuti mphepo izilowa bwino, ndipo ndinagwirizana nanu chifukwa nyumba ya mawindo ang'onoang'ono kuno kuchigwa alendi sagonamo mwezi uno, amayala mphasa pabwalo. Koma felemu la muyeso umenewo ndi la nyumba zanu zokha. Anthu ogula apamsewu amafuna timawindo ta muyeso wa masiku onse, timene mumationa titatsamira pampanda wa shedi. Chitsulo ndikangochidula pa muyeso wanu sichibwereranso kushopu, ndipo palibe wina angachigule.

Munaona mafelemu asanu ndi anayi aja ali kuseri kwa shedi, amene munafunsa kuti bwanji achita dzimbiri chonchi. Ndinangoseka, sindinakuyankheni bwino. Amenewo anaitanitsa ndi bambo wina amene nayenso anali atabwera koyamba, munthu waulemu wake, wolankhula bwino. Anapereka theka. Ndinamaliza ntchito, iye n'kuyamba kunena kuti thonje silinagulidwe, kenako matenda, kenako foni inasiya kulowa. Nditakumana naye pamsika wa Ngabu anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kupepesa kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti mavutowo analidi oona. Koma pepani sapoletsa chilonda. Mafelemuwo agona pamenepo mvula ziwiri, mpiru wamera pakati pake, ndipo ine ndinabweza ngongole ya zitsulo zake miyezi isanu ndi iwiri.

Chonde musamve ngati ndikukuyerekezani ndi bambo ameneyo. Sindikukukayikirani. Ndaona ndi maso anga njerwa zanu, simenti ili m'nyumba, makoma afika pamsinkhu wa mawindo, ndipo maziko mwawakweza bwino poganizira madzi, monga ayenera kuchitira aliyense amene anaona zimene Freddy anachita mu Malichi 2023. Kungoti inu ndi ine sitinagulitsanepo kanthu, ndipo oda iyi ndi yaikulu kuposa ina iliyonse imene ndalandira chaka chino. Ikati yapunthwa pakatikati, ngakhale pa chifukwa chimene si chanu, shedi yanga itsekedwa. Lamulo limeneli ndinaliika kwa aliyense wobwera koyamba ndi ntchito yopitirira K2,000,000. Tikamaliza bwino ntchito ino, ulendo wachiwiri tidzachita za theka ndi theka popanda kukambirana.

Nanunso mukuyenera chitetezo, pakuti amisiri othawa ndi ndalama za anthu alipo ndipo atiipitsira dzina tonse. Choncho ndikulonjeza izi, ndipo tizilemba papepala. Mtengo wa K7,300,000 sudzasintha. Zitsulo zikakwera ndalama yanu italowa kale, vutolo ndi langa. Tidzasayinirana mgwirizano pamaso pa mboni ziwiri, imodzi yanu, ina yanga, ndipo ngati mungakonde tikasayinire kwa a mfumu a mudzi uno amene amandidziwa kuyambira ndili mwana. Ndidzakupatsani kope ya chiphaso changa cha unzika ndi lisiti yodinda chidindo cha shedi. Ndalama musandipatse pamanja kapena kutumiza pang'onopang'ono pafoni. Ikani kubanki, mu akaunti imene yalembedwa pa kotesheni ndaphatikiza ndi kalatayi, kuti pakhale umboni woti wina aliyense sangaukane.

Ngati mtima ukuvutabe, pali njira ina imene ine ndingaikonde kwambiri. Tiyeni tikwere limodzi ku Limbe, kapena mutume mwana wanu uja anatigwirira tepi poyeza. K5,200,000 ya zipangizo mukalipire nokha kushopu, lisiti ilembedwe m'dzina lanu, zitsulo zikhale zanu kuyambira tsiku limenelo ngakhale zili pashedi yanga. Mukatero kwa ine mungopereka K2,100,000 yotsalayo tsiku losayinirana. Mukaonanso nokha kunenepa kwa chubu chimene ndikugula, chifukwa pali china chopyapyala chotsika mtengo chimene chikapakidwa penti sichidziwika, koma patatha zaka ziwiri chitseko chimayamba kukhota ndi kukwekwereza pansi.

Masiku ake ndaika motere. Ndalama ikalowa pofika Lolemba pa 13 Okutobala, Lachiwiri pa 14 ndikwera kukagula zipangizo. Pa 15 ndi tchuthi cha Tsiku la Anakubala, anyamata apita kukaona amayi awo, ndiye kudula tiyamba Lachinayi pa 16. Mafelemu onse a mawindo ndi a zitseko akhala atatha pa 30 Okutobala, zitseko zachitsulo pa 12 Novembala, ndipo galimoto ifika ku Bangula Lachisanu pa 14 Novembala. Ngati amisiri anu omanga akufuna mafelemu msanga kuti makoma asaime, mutha kudzawatenga pa 30 pomwepo. Madzulo a Loweruka lililonse ndizikutumizirani zithunzi pa WhatsApp, ndipo pashedi mutha kufika tsiku lililonse osanena. Ndikadzachedwa kupitirira masiku asanu ndi awiri pa chifukwa changa, ndidzakubwezerani K280,000 ya galimoto ija. Felemu lililonse limene lidzakane kulowa chifukwa choti ndinalakwitsa muyeso ndidzalikonza kapena kupanga lina mwaulere.

Musanapange chiganizo, fufuzani za ine. Mukadzabwera ndidzakuperekezani kunyumba zitatu za kuno ku Nchalo ndi ina ya ku Ngabu zimene ndinapangira mawindo ndi zitseko, ine ndidzaima patali, inu mufunse eni ake momasuka. Kotesheni iyi ithera Lolemba lomwelo pa 13, chifukwa mitengo imene andipatsa ku Limbe ikuthera mawa lake, tsiku lokagula zipangizo. Likadutsa tsikulo ndiyenera kufunsanso mitengo ina. Sindikunena izi pofuna kukuthamangitsani, koma mvula yoyamba ikatipeza nyumbazo zisanafoleredwe, njerwa ndi matope a makoma anu ndi zimene zivutike.

Mukawerenga, ndiimbireni kapena munditumizire uthenga kuti tipangane tsiku losayinirana. Ngati pali pamene simunamvetse, kapena mwaona kuti ndawerengetsa molakwika, ndili wokonzeka kubwera ku Bangula ndi kope langa la mawerengero kuti tidzaone limodzi. Mundiperekere moni kwa mayi ndi ana.

Ine wanu,
Bambo a Tiyamike
Mmisiri wowotcherera zitsulo, Nchalo