Chigamulo cha oweruza pa ndakatulo nambala 23, "Ndowa ya Amayi"

Mpikisano wa ndakatulo wa sukulu za sekondale m'boma la Ntcheu, gawo loyamba

Kwa mlakatuli, kudzera kwa aphunzitsi anu a Chichewa,

Ndakatulo yanu yawerengedwa ndi oweruza atatu. Tonse tinalandira pepala lokhala ndi nambala yokha, lopanda dzina lanu kapena la sukulu yanu. Aliyense anaiwerenga payekha, kawiri chamumtima kenaka kamodzi mokweza, ndipo analemba malikisi ake asanaone a anzake. Malikisi onse ndi 100: zithunzithunzi 40, kapangidwe 30, luso lanulanu 30. Tayamba taikopera monga munaitumizira, ndipo manambala a mizere tawonjezera ndife kuti muzitha kutsatira zomwe tikunena.

1 Tambala asanakhosomole amayi adzuka,
2 Atafunda nkhungu ya Juni pamapewa.
3 Kachewere m'ndowa watong'ola maso a katondo,
4 Kuyang'ana msewu wopita osabwerera.

5 Basi ikaima, ndowa zimera miyendo,
6 Piringupiringu pa phula la Lizulu.
7 Mkono wa pawindo utsitsa mtengo,
8 Ndalama isanakwane, basi yasiya utsi.

9 Amayi anga okongola ngati duwa,
10 Owala kuposa nalo dzuwa,
11 Zikhatho zawo zang'ambika ngati dambo la mu Okutobala,
12 Koma chala sichiphonya powerenga makobidi a mayeso anga.

13 Choncho anzanga tilemekeze makolo,
14 Pakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.
15 Tilimbikire sukulu tisachite ulesi,
16 Kuti dziko lathu litukuke.

Zithunzithunzi: 31 pa 40

Pagawo ili timafunsa mafunso atatu. Kodi wowerenga akuona, kumva kapena kukhudza chinthu chenicheni? Apa pali malikisi 15. Kodi chithunzicho chikugwira ntchito m'ndakatulo kapena changoikidwapo kuti pakongole? Aponso 15. Kodi zithunzi zonse zikukokera mbali imodzi? Apa pali 10.

Mizere isanu ndi itatu yoyambirira ndiyo yakupezetsani malikisi ambiri. Mzere 2 sunanene kuti kunkazizira, komanso sunanene kuti mayiyu ndi wosauka, koma zonse ziwiri tazimva, chifukwa munthu amene chofunda chake ndi nkhungu ndiye kuti juzi alibe. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza m'mamawa wa mwezi wa Juni akuidziwa nkhunguyo, ndipo amene sanafikeko angathe kuiona kuchokera m'mawu anu.

Mzere 3 tinaukambirana nthawi yaitali, pousirira. Mbatata ya kachewere ilidi ndi maso, timaenje tija momwe mumatuluka mphukira, ndipo dothi limakanirira momwemo ikangokumbidwa. Simunachite kupeka maso amenewa, munawapeza pa mbatata pomwepo n'kuwapatsa ntchito yoyang'ana msewu. Chithunzi chotere chimalimba chifukwa mbali zake zonse ndi zoona. Mzere 5 nawonso ndi wa munthu amene anapenyetsetsa: basi ikaima pa Lizulu, wokwera amaona ndowa ndi mabeseni zikuthamangira kuwindo, osati nkhope za ozinyamula. Mu mzere 7 mwachita chimodzimodzi ndi wogula, yemwe watsala mkono wokha. Wogulitsa ndi miyendo, wogula ndi mkono, ndipo malonda onse atha anthu osaonana m'maso. Woweruza wachitatu anawonjezera malikisi atatu chifukwa cha kugwirizana kumeneku.

Mwataya malikisi pa mizere 9 ndi 10. Duwa ndi dzuwa tinazipeza m'ndakatulo zambiri za chaka chino, zina zonena za amayi, zina za chibwenzi, zina za dziko. Chifanizo chimene chingavekedwe kwa wina aliyense sichitiuza kanthu za mayi uyu. Vuto lalikulu n'lakuti chikulimbana ndi mzere 11. Mayi wa zikhatho zong'ambika ngati dambo la m'chilimwe ndi amene tamukhulupirira, ndipo kukongola kwake kuli m'zikhathomo. Duwa likumuchotsera ulemu umene munamupatsa kale. Ndime yachinayi ilibe chithunzi chanu ngakhale chimodzi.

Tambala wokhosomola anatigawa. Mmodzi anati n'kukometsera chabe, awiri tinati kukuyenera m'mawa wozizira, ndipo sitinachotsepo kanthu.

Kapangidwe: 19 pa 30

Malikisi 10 ndi a kayendedwe ka mizere ikamawerengedwa mokweza, 10 a dongosolo la ndime, ndipo 10 a chiyankhulo ndi kalembedwe. Malamulo a mpikisano amalola mizere yosapitirira 30, ndipo yanu ndi 16, choncho palibe chilango.

Sitikakamiza kuti mizere yonse ikhale ndi maphatikizo ofanana, koma timawawerenga kuti tidziwe pamene lilime lakhumudwira. M'ndime ziwiri zoyamba mizere yanu ili pakati pa maphatikizo 13 ndi 17, ndipo uliwonse umatha ndi mpweya umodzi. Pa ndime yachitatu mzere 10 uli ndi 10, wotsatira wake 20, ndipo mzere 12 wafika 22. Tonse atatu tinapuma pakati pa mzere 12, pamalo pomwe simunaike mpumiro. Mukanadula "Koma chala sichiphonya" kukhala mzere pawokha, kupumako kukanakhala kwadala ndipo makobidi a mayeso akanafika ndi mphamvu.

Pa nkhani ya mawu omveka mofanana kumapeto a mizere, kumbukirani kuti mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi "a". Kufananitsa mathero n'kosavuta, motero sitikupatsa malikisi pakokha. Timayang'ana ngati kwabwera popanda kupotoza chiganizo. "Miyendo" ndi "mtengo" m'mizere 5 ndi 7 zikumveka bwino chifukwa liwu lotsamira, la phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndi limodzi, ndipo mawu onse awiri ndi ofunika pamalo pake. "Duwa" ndi "dzuwa" n'zokakamiza. Umboni wake ndi "nalo" wa mu mzere 10, amene palibe chimene akuchita kupatula kutalikitsa mzere kuti ukafike pa dzuwa.

Mvekero wa "piringupiringu" mwauika pabwino, kumayambiriro a mzere, pomwe ukuthamangitsa wowerenga. Aneni aafupi monga "zimera" ndi "utsitsa" akuthandizanso liwirolo.

Dongosolo likuyenda bwino kuchokera kunyumba, kupita kumsika, kufika m'manja mwa mayi, kenaka likuduka. Kwa mizere 12 woyankhula ndi mwana amene akuyang'ana mayi ake. Pa mzere 13, ndi "Choncho anzanga", wasanduka mlangizi woyankhula kwa gulu, ndipo mayi ndi ndowa yake sakuonekanso. Pa malikisi 10 a dongosolo palibe anakupatsani opitirira 5. Chichewa chanu n'chomveka ndipo zolakwika za kalembedwe sitinazipeze zoti n'kuchotserapo zambiri. Ichi n'chimene chinakweza malikisi a woweruza wachiwiri.

Luso lanulanu: 20 pa 30

Tisanapereke malikisi pagawo ili timayamba taona ngati ndakatulo ili yobera. Tinafufuza mizere inayi pa intaneti, tinayerekeza ndi ndakatulo za m'mabuku a kusukulu, ndiponso tinafunsana ngati wina anaimvapo pa wailesi. Sitinapeze kanthu. Ikanapezeka yobera ikanachotsedwa mumpikisano popanda malikisi.

Malikisi 15 ndi a kaonedwe kanu ka nkhani, 15 a mawu anuanu. Apa ndi pamene tinasiyana kwambiri: 22, 14 ndi 21. Lamulo lathu likuti malikisi a oweruza akatalikirana kupitirira 5 pagawo limodzi, tiwerengenso pamodzi ndipo aliyense anene chifukwa chake. Woweruza wachiwiri anati mutu woyamikira amayi ndi wakale, ndipo mizere isanu ndi umodzi mwa 16 ndi yomwe wophunzira wina aliyense akanalemba. Enafe tinavomera za mizereyo koma tinakana za mutu. Imfa, chikondi, njala ndi amayi ndi nkhani zomwe agogo athu ankaimba kale pamtondo ndi m'magule, ndipo sitingachotsere mlakatuli malikisi chifukwa cholowa m'munda womwe ena analimamo. Funso n'lakuti waonamo chiyani chimene ena sanaone. Inu mwaona mayi amene akuberedwa ndi basi yonyamuka ndalama isanakwane, n'kusungabe ya mayeso. Woweruza wachiwiri anakweza malikisi ake kufika 17, ndipo sanafune kupitirira apo chifukwa cha ndime yomaliza.

Za mwambi wa mu mzere 14 tinene momveka, chifukwa olemba ambiri amaganiza kuti mwambi umabweretsa malikisi. Mwambi ndi chuma cha tonse, ndiye kuulemba monga ulili si luso lanu. Umapeza malikisi ngati mwautembenuza, mwauyankha, kapena mwauika pakamwa pa munthu panthawi imene ukuluma. Uwu sukugwirizananso ndi nkhani yanu, popeza umalangiza munthu wochita manyazi ndi mayi ake, pamene woyankhula wanu sanawanyoze paliponse. Mizere 15 ndi 16 ndi mawu a pamsonkhano wa m'mawa kusukulu. Phunziro limene mumafuna kupereka linali litafika kale pa mzere 12.

Malikisi onse

Woweruza woyamba: zithunzithunzi 30, kapangidwe 18, luso 22, pamodzi 70.
Woweruza wachiwiri: 30, 21, 17, pamodzi 68.
Woweruza wachitatu: 33, 18, 21, pamodzi 72.
Apakatikati: 31, 19, 20, pamodzi 70 pa 100.

Ndakatulo yopeza 65 kapena kuposa imapita ku gawo lachiwiri, choncho yanu yadutsa. Malikisi 70 sasinthanso, koma malamulo amalola kukonza mizere yosapitirira isanu ndi umodzi musanakalakatule pamaso pa anthu. Ife tikanachotsa mizere 9 ndi 10 n'kuikapo chinthu chimodzi chomwe munaona pa mayiyu madzulo akamabwerera, kaya ndi ndowa yopanda kanthu, kaya mfundo ya pa chitenje momwe amamanga ndalama. Ndime yachinayi mungathe kuisiya yonse. Ngati mukufuna ndime yotsekera, khalani pa Lizulu pomwepo: msika umenewu uli pamalire a Malawi ndi Mozambique, ndipo ndakatulo yanu sinakhudzeko mpang'ono pomwe za malirewo.

Tumizani yokonzedwayo kudzera kwa aphunzitsi anu pasanathe sabata ziwiri, mutalemba nambala 23 pamwamba, osati dzina. Pagawo lachiwiri mudzapatsidwa mphindi zitatu, ndipo kuwerenga papepala n'kololedwa.

Ife,
Oweruza atatu a gawo loyamba