Dongosolo la tsiku lotulutsa mwana m'chikuta ndi kumutcha dzina, Loweruka pa 14 June

Abale athu nonse, akuchikazi ndi akuchimuna, ndakupatsani moni.

Ndine mkulu wake wa Nabanda. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri andituma kuti ndilembe zimene tinagwirizana Lamulungu lapitali, kuti aliyense adziwe mbali yake nthawi ikadalipo.

Monga mukudziwa, Mulungu anatipatsa mphatso ya mwana wamkazi pa 27 May. Mchombo unagwa kale, ndipo pamwambo wathu mwana akanatuluka m'chikuta sabata yomweyo. Tachedwetsa dala chifukwa mng'ono wangayu anachira kudzera pa opaleshoni, ndipo bala silinapoleretu. Mwambo uchitikira kunyumba kwawo ku Area 25 muno mu Lilongwe, osati kumudzi ku Mitundu monga agogo ankafunira. Agogo, tikhululukireni: kumukweza minibasi munthu wa bala lotere n'kumuzunza. Mwana tidzabwera naye kumudzi akalimba.

Ndikupempha kuti timvetsetsane chinthu chimodzi. Tsikuli ndi la mayi ndi khanda, si ukwati ayi. Sitibwereka zimbale, sitikhoma tenti, ndipo pofika 1 koloko masana tikhale titamwazikana kuti mayi agone.

Oitanidwa

Tonse pamodzi tikhala anthu 30, kuphatikizapo makolo a mwana.

Kuchikazi anthu 9: agogo aku Mitundu, amalume ndi akazi awo, amayi aang'ono, ankhoswe athu, ine ndi bambo akunyumba, ndi alongo athu awiri.

Kuchimuna anthu 8: apongozi onse awiri ochokera ku Linthipe, azakhali a bambo a mwana, achimwene awo ndi akazi awo, achemwali awo awiri, ndi ankhoswe.

Kumpingo anthu 5: mkulu wa mpingo wa mlaga wathu ndi amayi anayi a Chigwirizano amene akhala akubwera kudzachapa ndi kuphika chitulukireni kuchipatala. Otsalawo ndi anansi anayi, kuphatikizapo eni nyumba, ndi anzawo awiri akuntchito.

Ndikudziwa kuti ena adandaula kuti mayina awo palibe. Si kuti tawaiwala. Nyumbayo ndi ya zipinda ziwiri, ndipo khanda la masabata osakwana atatu silifunika chigulu cha anthu, makamaka nyengo yozizira ino pamene chimfine chili ponseponse. Amene ali ndi chifuwa kapena chimfine, ngakhale dzina lake lili pamwambapa, atumize moni, adzamuona mwana akachira. Pakhomo padzakhala ndowa ya madzi ndi sopo. Aliyense asambe m'manja asanalowe. Mwana sadzayenda m'manja mwa aliyense. Omunyamula ndi agogo ake, azakhali ndi mkulu wa mpingo basi.

Ndondomeko

9:30 m'mawa: alendo afika ndi kulandira thobwa.

10:00: nyimbo imodzi ndi pemphero lotsegulira. Ankhoswe akuchikazi alonjera alendo ndi kudziwitsana.

10:20: agogo aku Mitundu ndi apongozi aakazi alowa m'nyumba kukameta mwana tsitsi lobadwa nalo ndi kumusambitsa ndi madzi ofunda. Lumo ndagula latsopano, lili m'pepala lake. Kenako atuluka naye, atamufunditsa bwino, amayi akulululutira.

10:45: kutcha dzina. Popeza ndi mwana woyamba, tagwirizana kuti dzina lichokere kuchimuna, ndipo azakhali ndiwo adzalitchule ndi kufotokoza chifukwa chake. Agogo aku Mitundu apereka lachiwiri. Azakhali, chonde muwanong'oneze makolo a mwana dzinalo lisanafike tsikulo, kuti pasadzakhale kudabwitsana pagulu. Wotcha dzina amayamba ndiye kuponya kangachepe m'mbale, choncho bwerani mutakonzeka.

11:00: mawu a Mulungu, mphindi khumi ndi zisanu, kuchokera pa Masalimo 127, ndi kupempherera mwana ndi makolo ake. Ubatizo ndi nkhani ina, abusa adzatiuza tsiku lake.

11:20: malangizo kwa makolo. Olankhula ndi awiri okha, amalume ndi apongozi aamuna, aliyense mphindi zisanu. Malangizo ena aja a m'nyumba, amayi akuluakulu adzawapereka kuchipinda alendo atapita.

11:35: mphatso.

12:00: chakudya, pemphero lotsekera, kutsanzikana.

Za mphatso

Apa ndiye ndikufuna mundimvetsere bwino, chifukwa ndaona kangapo mwana akulandira madiresi khumi ofanana msinkhu, onse n'kumuthina mwezi usanathe, mayi ake alibe ndi sopo yemwe. Beseni, neti, shawelo yaikulu ndi chikwama cha kusikelo zilipo kale, musagulenso. Zimene zikusowa ndi izi: matewera ansalu ndi mapini ake, sopo wochapira wambiri, sopo wosambira wosanunkhira kwambiri, vaselini, ndowa ya chivindikiro yoviikira matewera, zipewa, masokosi ndi majuzi chifukwa July akubwera ndi chisanu chake. Ogula zovala agule zokulirapo, za mwana wa miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi. Zitenje sizichuluka m'nyumba ya khanda, bweretsani ndithu.

Mayinso tisamuiwale. Woyamwitsa amafunika kudya, ndiye mtedza, nyemba, ufa wa mgaiwa, soya wa phala, shuga ndi thumba la makala ndi mphatso zenizeni. Apongozi alonjeza kale mbatata ya kachewere ya ku Dedza ndi nkhuku ziwiri zachikuda. Mabotolo ndi mkaka wa m'chitini ayi. Kuchipatala anamuuza kuti ayamwitse mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, osapatsa mwana madzi, phala kapena mankhwala azitsamba. Ankhoswe agwirizananso kuti pamwambowu mwana asamwetsedwe chilichonse ndiponso pamchombo pasapakidwe kanthu.

Mphatso tidzaika m'lichero patsogolo, ndipo mlongo wathu wamng'ono adzalemba m'kope kuti makolo adziwe oti awathokoze. Sitidzalengeza kuti uje wapereka zakutizakuti. Wobwera ndi sopo mmodzi asachite manyazi, ndipo amene zamuvuta abwere chimanjamanja, mpando wake ulipo. Amene angathe kupereka tsiku limodzi lodzachapa matewera kapena kutunga madzi andiuze, ndikulemba mayina mpaka kumapeto kwa July.

Chakudya ndi zopereka

Tidya nsima, mpunga, nkhuku, nyemba ndi kabichi. Mowa sudzakhalapo. Banja lililonse la pachibale lipereke K10,000 pofika Lachitatu pa 11 June, pamanja kapena pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala yanga imene nonse muli nayo. Makolo a mwana asapereke kanthu. Awononga kale zambiri. Ndalama ikatsala ipita kwa mayi, ikhale yoyendera kusikelo.

Thobwa aphika amayi aang'ono kuyambira Lachinayi. Kumsika ndipita ndi akazi a achimwene Lachisanu m'mawa. Alongo athu abwereke mipando 20 kutchalitchi ndi mikeka itatu, ndipo aibweze tsiku lomwelo chifukwa mawa lake ndi Lamulungu. Ophika afike 6 koloko, aphikire kuseri kwa nyumba kuti utsi usalowe kuchipinda kwa mwana. Nabanda asagwire mthiko kapena kunyamula ndowa. Amene amuone akuchita zimenezi amukhazike pansi. Agogo ndi apongozi afika Lachisanu madzulo ndipo agona kwathu ku Area 49.

Alamu, inu ntchito yanu ndi iyi: dzina likadziwika, mukaonetsetse kuti lalembedwa bwino m'buku la kusikelo ndi pa fomu ya kalata ya kubadwa ya ku NRB, zilembo zake zifanane ponseponse. Mwana akwanitsa masabata asanu ndi limodzi pa 8 July, nthawi ya katemera wotsatira, ndiye mupemphetu tchuthi kuntchito kuti mudzawaperekeze.

Amene sakwanitsa kubwera andiuze pofika Lachitatu lomwelo, kuti tidziwe muyeso wa mpunga.

Ndine wanu,
Mayi aakulu a mwana