Mayeso oyeserera a phunziro la zachuma: mizere ya ogula ndi ogulitsa, pamodzi ndi mayankho ake

Chaka choyamba, teremu yachiwiri. Nthawi: ola limodzi ndi theka. Malikisi onse: 50.

Yankhani mafunso onse asanu ndi limodzi. Girafu iliyonse muijambule ndi pensulo ndi rula. Mtengo (P) ukhale kumbali yoimirira, kuchuluka kwa katundu (Q) kukhale kumbali yogona. Mzere wa ogula, womwe ndi dimandi, muulembe D, ndipo mzere wa ogulitsa, womwe ndi sapulayi, muulembe S. Mzere ukasuntha, wakale musaufufute. Jambulani watsopano pambali pake, muulembe D1 kapena S1, ndipo muike muvi wosonyeza kumene walowera. Manambala a mu funso 2 ndi 3 ndi ongoyerekeza, si mitengo yeniyeni ya pamsika.

Funso 1 (malikisi 8)

Pa nkhani iliyonse, nenani mzere umene wasuntha pamsika umene watchulidwa, ndi mbali imene walowera. Ngati palibe umene wasuntha, nenani choncho.

(a) Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, fetereza n’kukwera mtengo. Msika: chimanga cha chaka chotsatira.
(b) Petulo wakwera ndipo akabaza a njinga zamoto akweza mitengo. Msika: kabaza wa njinga zakapalasa.
(c) Shuga wakwera mtengo m’magolosale ndipo mabanja akugula mapaketi ochepa. Mzere wofunsidwa: wa ogula shuga.
(d) Alimi a fodya alandira ndalama zawo atagulitsa ku okushoni ya ku Kanengo. Msika: malata ku Kasungu.

Funso 2 (malikisi 14)

Umu ndi mmene matumba a chimanga a makilogalamu 50 amayendera pamsika wina pa sabata:

| Mtengo wa thumba | Ofunidwa | Obwera pamsika |
|---|---|---|
| K30,000 | 1,000 | 400 |
| K40,000 | 850 | 550 |
| K50,000 | 700 | 700 |
| K60,000 | 550 | 850 |
| K70,000 | 400 | 1,000 |

(a) Jambulani mizere iwiriyi ndipo mutchule mtengo ndi kuchuluka pamene yakumana. (5)
(b) Kwachita ng’amba, ndipo pa mtengo uliwonse matumba obwera pamsika achepa ndi 300. Jambulani kusinthaku pa girafu yomweyo, mupeze mtengo watsopano ndi matumba ogulitsidwa. (5)
(c) Fotokozani mwatsatanetsatane chimene chikukankha mtengo kuchoka pa wakale kufika pa watsopano. (4)

Funso 3 (malikisi 8)

Pamsika wa Lizulu, madengu a tomato akuyenda motere, P ali m’masauzande a kwacha:

```
Qd = 200 - 2P
Qs = 50 + 3P
```

(a) Pezani P ndi Q pamene mizere yakumana. (4)
(b) Ogula ochokera ku Lilongwe achuluka, moti pa mtengo uliwonse pakufunika madengu ena 50. Lembaninso Qd ndipo mupeze P ndi Q atsopano. (4)

Funso 4 (malikisi 8)

Khirisimasi yayandikira ndipo mabanja ambiri akufuna nkhuku. Mwezi womwewo zakudya za nkhuku zakwera mtengo. Ndi girafu, sonyezani chimene chichitikire mtengo wa nkhuku ndi chiwerengero cha nkhuku zogulitsidwa.

Funso 5 (malikisi 6)

Chaka ndi chaka Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi. Tiyerekeze kuti mtengo wa soya waikidwa pamwamba pa mtengo umene mizere imakumana. Jambulani girafu ndi kufotokoza zotsatira zake.

Funso 6 (malikisi 6)

Wophunzira wina analemba kuti: “Namondwe wa Freddy atakokolola minda m’chigawo chakummwera mu Marichi 2023, mtengo wa ndiwo zamasamba unakwera. Mtengo utakwera, dimandi inatsika. Dimandi itatsika, mtengo unabwerera pakale.” Sonyezani pamene maganizo akewa apatukira njira, ndipo mulembe yankho lolondola pamodzi ndi girafu yake.

MAYANKHO NDI KAGAWIDWE KA MALIKISI

Musawerenge gawo lino musanayese nokha. Ndalembamo zambiri kuposa zimene mungalembe m’chipinda cha mayeso, chifukwa malikisi amene mumataya pa mutu uno amatayikira pamalo amodzimodzi, ndipo zimandiwawa kuona munthu woidziwa nkhani akulephera chifukwa cha muvi woloza kolakwika.

Funso 1. (a) S wasunthira kumanzere. Kulima kwadula, choncho pa mtengo uliwonse alimi abweretsa chimanga chochepa. (b) D wasunthira kumanja, poti amene akuthawa mtengo wa njinga yamoto akukwera yakapalasa. (d) D wasunthira kumanja, chifukwa m’matumba mwa ogula mwalowa ndalama. Malikisi awiri pa lililonse, imodzi ya mzere, imodzi ya mbali.

Pa (c) palibe kusuntha, ndipo apa ndi pamene ambiri mugwere. Mzere wa D unajambulidwa kale kuti uyankhe funso lakuti, shuga akakhala pa mtengo wakutiwakuti, anthu agula mapaketi angati? Ndiye mtengo wa shuga yemweyo ukakwera, yankho lili kale pamzerepo. Mungokwera nawo mzere womwewo kupita pamalo ena. Chimene chimanyamula mzere wonse ndi chinthu chochokera kunja kwa girafu: ndalama zimene anthu akupeza, mtengo wa katundu wina, kuchuluka kwa anthu, nyengo, zokonda zawo. Musanagwire pensulo dzifunseni kuti, chimene chasinthachi ndi P wa pa girafu yangayi kapena ndi china? Ngati ndi P, mzere musaukhudze.

Funso 2. (a) Mizere yakumana pa K50,000 ndi matumba 700. Malikisi imodzi ya kulemba P ndi Q m’mbali, imodzi ya D wotsetsereka, imodzi ya S wokwera, ziwiri za pokumana.

(b) Matumba obwera pamsika tsopano ndi 100, 250, 400, 550 ndi 700. S1 ali kumanzere kwa S, ndipo wakumana ndi D pa K60,000 ndi matumba 550.

Yang’anitsitsani girafu yanuyo. S1 ali kumanzere, koma diso limamuona ngati ali pamwamba pa S. Apa ndi pamene dzanja limanyenga mutu: mwamva kuti chimanga chachepa, dzanja n’kuthamangira kujambula mzere m’munsi mwa wakale, poganiza kuti kuchepa ndi kutsika. Mzere wa S umene uli m’munsi uli kumanja, ndipo ukunena kuti chimanga chachuluka. Mwajambula chaka cha zokolola zambiri pamene funso likunena za ng’amba, ndipo zonse zotsatira, mtengo ndi kuchuluka komwe, zikhala zotembenuka. Njira yake ndi iyi: ikani rula mogona pa K50,000, muwerenge kuchoka pa 700 kubwerera kumanzere mpaka pa 400, muike kadontho. Chitani chimodzimodzi pa K70,000, kuchoka pa 1,000 kufika pa 700. Lumikizani timadonthoto. Katundu amawerengedwa kumbali yogona, choncho kuchepa ndi kumanzere, kuchuluka ndi kumanja, kaya ndi D kaya ndi S.

Wosuntha D pa funso ili sapeza kanthu pa (b), ngakhale mtengo wake utachita mwayi n’kukwera. Ng’amba yagwera munda, sinasinthe njala ya ogula.

(c) Pa mtengo wakale wa K50,000 anthu akufunabe matumba 700 koma pamsika pali 400, ndiye kuti pakusowa 300. Ogula akulimbirana, mavenda aona kuti thumba silikuchedwa pa sikelo, akweza mtengo. Mtengo ukamakwera pakuchitika ziwiri. Mabanja ena akuchepetsa kapena kutembenukira ku chinangwa ndi mbatata, uku ndi kuyenda pa D kuchoka pa 700 kufika pa 550. Amene anasunga chimanga m’nkhokwe akuchitulutsa, uku ndi kuyenda pa S1 kuchoka pa 400 kufika pa 550. Onani kuti ngakhale mzere unasuntha ndi 300, matumba ogulitsidwa achepa ndi 150 okha. Wotchula mfundo imeneyi ndimupatsa malikisi onse anayi mosanyinyirika.

Funso 3. (a) 200 − 2P = 50 + 3P, choncho 5P = 150, P = 30 (K30,000 pa dengu), Q = 140. (b) Qd = 250 − 2P, 5P = 200, P = 40, Q = 170. Qs sasintha. Ikani P wanu m’mafomula onse awiri, ngati Q sakufanana mwaphonya penapake.

Funso 4. D wasunthira kumanja chifukwa cha chikondwerero, S wasunthira kumanzere chifukwa kuweta kwadula. Zonse ziwiri zikukankhira mtengo m’mwamba, choncho mtengo ukwera ndithu. Koma pa chiwerengero zikukokana: D akufuna nkhuku zogulitsidwa zichuluke, S akufuna zichepe. Yankho lolondola ndi lakuti zitengera mzere umene wasuntha kwambiri. Ambiri mumangowerenga zimene girafu yanu yaonetsa n’kulemba kuti zachuluka, osazindikira kuti ndinu nokha munasankha kusuntha D patali. Malikisi awiri a mzere uliwonse, awiri a mtengo, awiri a chiwerengero. Wojambula magirafu awiri, ina D atasuntha kwambiri ina S atasuntha kwambiri, wasonyeza kuti wamvetsa.

Funso 5. Palibe mzere umene ukusuntha. Jambulani mzere wogona pamwamba pa pokumana. Pa mtengo umenewo alimi akufuna kugulitsa soya wambiri kuposa amene ogula akufuna, ndipo mpata wa pakati pa D ndi S ndi soya wotsalira. Pokhapokha patapezeka wogula wamkulu ngati ADMARC wokhala ndi ndalama zogulira wotsalayo, mlimi wofuna fizi ya mwana agulitsa kwa venda pa mtengo wotsika kuposa wolengezedwa. Malikisi atatu a girafu, atatu a kufotokoza.

Funso 6. Chiganizo choyamba chili bwino: minda yakokoloka, S wasunthira kumanzere, mtengo wakwera. Cholakwika chili m’chiganizo chachiwiri. Chimene chinatsika mtengo utakwera ndi kuchuluka kwa masamba amene anthu anagula, kuyenda pa D yemweyo, osati dimandi yonse. Mnzathuyu wasuntha D popanda chifukwa, kenako wagwiritsa ntchito kusuntha kopekako potsitsa mtengo. Yankho lolondola: msika ukhazikika pamene S1 wakumana ndi D, mtengo uli wokwera, masamba ogulitsidwa ali ochepa, ndipo zikhala choncho kufikira madimba atabzalidwanso n’kubweza S kumanja. Malikisi awiri a kuloza chiganizo cholakwika, awiri a kusiyanitsa kuyenda pamzere ndi kusuntha kwa mzere, awiri a girafu.

Amene mwapeza malikisi osafika 7 pa funso 2, mujambulenso girafu yake papepala latsopano, koma ulendo uno matumba achuluke ndi 300 pa mtengo uliwonse, ndipo mubwere nayo Lolemba m’mawa tidzaionere limodzi.