Chifukwa chomwe labotale ikubwezera magazi ena

3 Malichi 2025

Kwa Asisitala oyang'anira mawodi, anamwino ndi madokotala nonse,

Sabata yathayi tinabweza machubu 17, ambiri ochokera ku wodi ya abambo ndi ya ana. Ndamva kuti ena mwa inu simunakondwe nazo, ndipo ndikumvetsa: kubayanso mwana amene mtsempha wake munaupeza movutikira si chinthu chapafupi. Ndiloleni ndifotokoze.

Tikazunguza magazi m'makina, pamwamba pamayenera kukhala madzi oyera achikasu. Akatuluka ofiira ngati madzi otsukira nyama, ndiye kuti maselo ofiira aphulika. M'kati mwa maselowa muli potaziyamu wochuluka kuposa wa m'madzi a magazi maulendo oposa 20, choncho akaphulika yenseyo amakhuthukira kunja. Makina sadziwa zimenezi, amangowerenga. Wodwala amene potaziyamu wake ali 4.0 akhoza kuoneka ngati ali pa 6.5, adokotala n'kuyamba kumutsitsa ndi insulini chikhalirecho alibe vuto. Choopsa china n'chakuti amene potaziyamu wake watsikadi amaoneka ngati ali bwino. N'chifukwa chake timalolera kukuvutitsani kusiyana n'kutulutsa nambala yabodza.

Kawirikawiri maselo amaphulikira m'manja mwa wotenga magazi. Zimachitika mukakoka sirinji mwamphamvu, mukakankha magazi kulowa m'chubu kudzera m'singano, mukabaya sipiriti asanaume, kapena gulovu yomanga pamkono ikapitirira mphindi imodzi. Magazi otengera pa kanyula amavutanso chimodzimodzi. Ndipo chonde, chubu sichikhutchumulidwa ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Cha chivindikiro chapepo chitembenuzeni pang'onopang'ono maulendo 8 mpaka 10, basi.

Za magazi ochepa, nkhani yagona pa mankhwala amene ali kale m'chubumo, omwe anayezedwa molingana ndi magazi ofika pamzere. M'chubu cha buluu muyenera kukhala magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la mankhwala. Mukapereweza, magazi amachedwa kuundana, INR imakwera, ndipo wodwala wa wafarini angamuchepetsere mankhwala popanda chifukwa. M'chapepo, mankhwala akachuluka maselo amanyala.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chiyenera kutheratu: kutsanulira magazi a m'chubu chapepo m'chubu china pofuna kudzaza. Mankhwala a mmenemo ali ndi potaziyamu ndipo amagwira kashiyamu. Zotsatira zake timazizindikira msanga, chifukwa zimakhala manambala oti munthu wamoyo sangakhale nawo.

Kwa makanda tili ndi timachubu ting'onoting'ono, tumizani munthu adzatenge. Mtsempha ukavuta, tiimbireni musanabaye kuti tigwirizane choyamba kuyeza ndi magazi ochepawo. Ifenso tikabweza chubu tiziimba foni ku wodi nthawi yomweyo, osadikira kuti mudzadzidzimuke podzatenga zotsatira.

Lachinayi nthawi ya 2 koloko masana ndidzafika ku wodi ya abambo ndi machubu oti tidzaonere limodzi.

Ine wanu pantchito,
Mkulu wa Labotale