Lipoti la Kuyendera Sukulu: Kaphunzitsidwe, Kasungidwe ka Mabuku ndi Zomanga

Kwa: A Mphunzitsi Wamkulu
Kuchokera kwa: Mlangizi wa Maphunziro a Pulayimale wa zoni yanu, Nkhotakota
Tsiku loyendera: Lachiwiri, 10 Febuluwale 2026
Tsiku lolemba: Lachisanu, 13 Febuluwale 2026
Makope: Ofesi ya Maphunziro ya Boma, Wapampando wa Komiti ya Sukulu

Bambo Mphunzitsi Wamkulu,

Ndikuthokoza chifukwa cha kundilandira kwanu ndiponso chifukwa munanditsegulira kabati ya mu ofesi popanda kubisa buku lililonse. Zambiri zili m'munsimu tinakambirana kale pamaso pa achiwiri anu ndi akulu a magawo. Ndazilemba kuti pasadzakhale kusiyana pa zomwe tinagwirizana.

M'kaundula muli ophunzira 1,146, atsikana 589 ndi anyamata 557. Aphunzitsi alipo 14, kuphatikizapo inuyo. Ndiye kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana pafupifupi 82, pamene muyezo wa Unduna ndi ana 60. Kuchepa kwa aphunzitsiko si mlandu wanu, ndipo ndakulemba mu lipoti lopita ku boma. Nkhani yomwe ili m'manja mwanu ndi ya momwe mwagawira aphunzitsi omwe muli nawowo.

Kaphunzitsidwe

Sitandade 8 ili ndi ophunzira 54 ndipo mwaipatsa aphunzitsi atatu. Sitandade 1A ili ndi ana 118 ndi mphunzitsi mmodzi, 1B ili ndi ana 109 ndi mphunzitsi mmodzinso, amene akuphunzitsira pansi pa mtengo wa mango nthawi ino ya mvula. Chifukwa chanu ndinachimva: mayeso a MANEB akuyandikira, ndipo makolo amayeza sukulu poona ana amene asankhidwa kupita ku sekondale. Koma taonani ziwerengero zanu zomwe. Ana oposa 200 amalowa Sitandade 1, ofika Sitandade 8 ndi 54 okha. Enawo amatayika m'njira, ambiri asanadziwe kuwerenga, ndipo palibe amene amawafunsa pa tsiku lolengeza zotsatira.

Mu Sitandade 1A ndinaonera phunziro la Chichewa. Mayi amene amaphunzitsa kalasiyi amaidziwa ntchito yawo. Anatsata bwino ndondomeko ya Pulogalamu ya Kuwerenga ija inayamba mu 2016: anayamba okha kutchula liwu la lembo, kenako anatchula pamodzi ndi ana, pomaliza ana anatchula okha. Makadi a malembo anawadula ku makatoni a sopo, ndipo zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu zili m'thumba pakhoma. Vuto ndi lakuti mawu awo amathera pa mzere wachisanu. Ana a kumbuyo amangoyankha mokuwa potsatira anzawo. Nditatenga ana khumi a kumbuyoko n'kuwaonetsa malembo a, n, i ndi m mmodzimmodzi, atatu okha ndi amene anatchula onse. Buku limodzi akugwirizira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, moti amene wakhala mbali ina amaliona chozondoka. Chonsecho m'kabati yanu ndinapezamo mabuku a Chichewa a Sitandade 1 okwana 60 ali m'mapepala awo, osatsegulidwa. Munati mukuopa kuti ana awang'amba. Awang'ambedi, bambo, kusiyana n'kuti adyedwe ndi chiswe chomwe chayamba kale kukwera kumbuyo kwa kabatiyo.

Phunziro la masamu mu Sitandade 4 silinandikhutiritse. Mphunzitsi analibe lesoni pulani ya tsikulo, analemba masamu ogawa pabolodi, anasova awiri yekha, n'kuuza ana kuti akopere. Makope omwe ndinatenga kwa ana anachongedwa komaliza sabata yachiwiri ya teremu ino. M'kope la mwana wina kulakwitsa kumodzi komweko, kuiwala kutsitsa nambala yotsatira, kwabwerezedwa masamba anayi popanda womuwongolera. Pa tebulo la mphunzitsiyu panalinso kamtengo. Anati n'kolozera pabolodi, koma ana atatu anandiuza zina. Mukudziwa kuti kumenya ophunzira n'koletsedwa m'sukulu zathu. Mukhale naye pansi, ndipo zomwe mukambirane zilembedwe mu logibuku.

Sitandade 6 inandisangalatsa. Pa phunziro la sayansi lokhudza matenda obwera ndi madzi, mphunzitsi anayamba ndi kufunsa ana kuti ndani amasamba kapena kuchapa m'madzi odekha a m'bango, ndipo kuchokera pa mayankho awo anafika pa nkhono ndi likodzo. Atsikana amayankha mofanana ndi anyamata. Bamboyu mumupatse mpata wotsogolera maphunziro a aphunzitsi a pasukulu pompano, anzake a Sitandade 4 ndi 5 adzaonere. Sitandade 8 ikuyenda bwino, silabasi yatsala pang'ono kutha, sindichulutsapo mawu.

Choncho ndikulangiza kuti mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 8 atsikire ku gawo la ana aang'ono, ndipo Sitandade 1 igawidwe patatu. Inunso mutenge phunziro limodzi la Sitandade 8 kuti otsalawo asalemedwe. Ana a 1B alowe m'chipinda chomwe panopa mukusungiramo madesiki othyoka ndi matumba a simenti, ndipo kalasi yachitatuyo izisinthana chipinda ndi Sitandade 2 mpaka buloko yatsopano itafoleredwa.

Kasungidwe ka mabuku

Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa zolembedwa ndi zomwe maso anga anaona zikutsutsana.

Rejisitala ya Sitandade 5 ikuonetsa kuti pa 10 Febuluwale ana 96 mwa 101 analipo. Nditawerenga mitu m'kalasimo nthawi ya 9 koloko ndinapeza 67. Mizere ya Lachitatu ndi Lachinayi inali itachongedwa kale, masikuwo asanafike. Sitandade 7 nayo inali ndi vuto lofananalo, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa. Ana omwe analipo sanavutike kundiuza komwe kuli anzawo: anyamata ali kudoko kukoka makoka ndi kuyanika usipa pamathandala, ena akugona chifukwa anachezera panyanja, atsikana ali kudambo kupalira mpunga kapena kulera ana pakhomo. Zimenezi si zachilendo kwa aliyense wa ife amene timagwira ntchito m'mbali mwa nyanja muno. Koma rejisitala ikamati onse alipo, mudzapita ndi chiyani kwa a gulupu kapena kwa a komiti ya padoko kukapempha kuti ana asamaloledwe pagombe nthawi ya sukulu? Amayi a gulu loyang'anira atsikana anandiuza kuti amamva za mwana amene wasiya sukulu patapita mwezi wathunthu, nthawi zina nkhani ya banja itapsa kale. Rejisitala ikanakhala yoona bwenzi akudziwa sabata yomweyo.

Kuyambira tsopano mayina aziitanidwa m'kalasi tsiku lililonse, ndipo inu kapena achiwiri anu muzisayina marejisitala onse Lachisanu. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, dzina lake lipite kwa amayi aja. Muwakumbutsenso makolo kuti mtsikana amene anachoka chifukwa cha mimba amaloledwa kubwerera akabereka. Awiri omwe munawatchula aja sindinawapeze m'buku lililonse.

Taimubuku ili ndi matenda omwewo. Aphunzitsi onse analemba kuti anafika 7 koloko isanakwane, pomwe awiri anandipeza ine ndili kale mu ofesi yanu. Muzidula mzere wofiira nthawi yoyambira ikakwana.

Masikimu ndinaona a aphunzitsi 13. Asanu ndi anayi ndi athunthu ndipo munawasayina. Anayi ali ndi mbali ya zokonzedwa yokha, mbali yolemba zomwe zaphunzitsidwadi ili yoyera kuyambira Januwale. Mabuku a zotsatira za ophunzira alipo m'makalasi onse, koma mu Sitandade 2 ndi 3 muli mamalikisi a mayeso a kumapeto kwa teremu okha, osaonetsa kuti ana amayesedwa pamene akuphunzira. Buku lolembetsera ana atsopano ndi losamalika, kupatula kuti ana 23 alibe chaka chobadwa.

Za ndalama za thumba lotukulira sukulu: buku la ndalama likugwirizana ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo maminitsi a komiti akuonetsa kuti munagwirizana musanagule. Izi mwachita bwino. Marisiti awiri okha, la choko ndi la malata 12, sindinawaone mu fayilo. Muwapeze. Ndondomeko ya momwe ndalamazo zagwirira ntchito imatidwe pa bolodi la zidziwitso panja, pomwe kholo lililonse lingawerenge. Sitokobuku inasiya kulembedwa chaka chatha, n'chifukwa chake mabuku 60 aja sakupezeka pena paliponse polembedwa.

Zomanga ndi ukhondo

Zipinda zophunziriramo zilipo zisanu ndi zitatu. Denga la buloko ya kum'mawa likudontha pa Sitandade 3, ndipo malata awiri akumapeto atukuka misomali. Akhomedwe msanga, mwera usanayambe. Madesiki alipo kuyambira Sitandade 6 kupita m'mwamba. Ena onse amakhala pansi. Mwa madesiki othyoka omwe ali m'chipinda chija, ambiri angofunika mabawuti ndi thabwa limodzi, ntchito yomwe kalipentala wa m'mudzi angaithe ndi ndalama zochepa.

Chondidetsa nkhawa ndi zimbudzi. Atsikana 589 ali ndi maenje asanu ndi limodzi, awiri mwa iwo alibe zitseko. Chimbudzi chimodzi cha anyamata chang'ambika khoma ndipo chayamba kutitimira, monga zimachitira pa dothi lamchenga ngati lanuli mvula ikachuluka. Chitsekedwe lero lomwe, mwana asadzagweremo. Pa zimbudzi zonse panalibe madzi osamba m'manja, ngakhale mjigo uli pafupi ndipo ukugwira ntchito. Simunaiwale momwe kolera inavutira maboma a m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023. Mipondagiya siifuna bajeti: kachigubu, chingwe, mitengo ndi phulusa ngati sopo palibe. Chipinda chosinthira atsikana chomwe amayi aja anamanga ndi chabwino, koma kiyi wake amakhala ndi mphunzitsi wamwamuna. Mtsikana wa Sitandade 7 sangapite kukamupempha. Kiyiyo asunge mphunzitsi wamkazi.

Bwalo ndi losesedwa, mitengo yomwe munabzala chaka chatha yagwira, ndipo njerwa zomwe makolo anaumba za buloko yatsopano zawotchedwa bwino. Ndiwakumbutsa a ku boma za pempho lanu la malata ndi simenti, ngakhale sindingalonjeze tsiku.

Pofika Lachisanu pa 27 Febuluwale munditumizire ku likulu la zoni kagawidwe katsopano ka aphunzitsi, marisiti awiri aja, ndi maminitsi a msonkhano wa komiti ya sukulu, makolo ndi mafumu wokhudza kujomba kwa ana. Lipotili muliwerenge kwa aphunzitsi onse pa msonkhano wawo, kupatula ndime ya mphunzitsi wa Sitandade 4 yomwe mukambirane naye awiri.

Ndidzabweranso sabata ya pa 9 Malichi, koma tsiku sindinena. Ndidzayambira ku Sitandade 1 kukamvetsera ana a mzere wa kumbuyo akuwerenga, kenako ndidzawerenga mitu mu Sitandade 5 rejisitala ili m'manja.

Ine wanu pa ntchito,
Mlangizi wa Maphunziro a Pulayimale
Nkhotakota